Cifukwa Cace Tiseka pa Cacitatu

Anthu odziwa kuseketsa anzao ali ndi lamulo lao, cinkana ambiri alitsata osadziwa kuti ndi lamulo. Achula zinthu zitatu: ziwiri zolingana, ndi cacitatu codzidzimutsa. A ku Mangalande alitsata m'nthabwala zao za Mngelezi, Mskochi ndi Mwairishi, m'mene womalizayo acita zosiyana ndi anzace. Ine ndalisinkhasinkha nthawi yaitali, ndipo ndifuna kuonetsa umo ligwirira nchito.

Tiyerekeze kuti mpongozi afunsidwa za mkamwini wace, nayankha kuti: "Mwanayu ndi waluso pa zinthu zitatu: kusema mpini, kunola khasu, ndi kudwala mutu tsiku lakulima."

Taonani nchito ya mau onsewo. Pakumva za mpini sitidziwa kumene nkhani ilinkupita, pakuti cinthu cimodzi sicilozera njira. Pakumva za khasu tizindikira kuti alikutamanda munthu wakhama, ndipo mtima uthamangira m'tsogolo, nudzinenera wokha kuti cotsatira ndico kulima. Pomwepo mpongozi atipatutsa. Kulimako akuchuladi, koma m'mundamo mulibe munthu; mkamwini ali gone pamphasa. Tiseka cifukwa tanyengedwa, ndipo nthawi yomweyo taona coonadi.

Cifukwa cace ziwiri sizikwanira, popeza womvera asanayembekeze kanthu simungathe kumdzidzimutsa. Zinai zicuruka: mukaonjeza kusula nkhwangwa, ayamba kukaika, naona msampha musanauche.

Zilipo njira zitatu zoonongera nthabwala yotere. Mukati cacitatu ndico kupalira cimanga, mwangotamanda mkamwini, ndipo palibe woseka. Mukati ndico kuweta nkhunda, mwadzidzimutsa anthu ndithu, koma angoyang'anana, pakuti nkhunda sizikhudzana ndi mpini kapena khasu. Cacitatu ciyenera kucokera m'munda momwemo, kuti ziwiri zoyambazo zioneke mwatsopano: kodi kusema ndi kunola konseko sikunali kuzengereza cabe? Ndipo mukayamba ndi kudwala mutu, mpini ndi khasu zitsala zopanda nchito, ndi mau anu amira m'phokoso la kuseka, ngati kuseka kulipo.

Samalaninso mau otsiriza. "Tsiku lakulima kudwala mutu" ndi "kudwala mutu tsiku lakulima" anena cimodzimodzi, koma aciwiriwo aposa, popeza womvera adabwa kanthawi kuti mutu walowa bwanji, kufikira liu lomariza limasula zonse. Pumani pang'ono musanachule cacitatu, ndipo mutachula khalani cete, osaseka nokha, osamasulira.

Koma ndikucenjezani, owerenga anzanga, kuti cacitatuco ndi mubvi. Anthu aiwala mpini ndi khasu, nakumbukira mutu wokha, ndipo mkamwini akhoza kuchedwa Wamutu kufikira imvi. Musanaponye, yambani mwaona amene waima kumene mubviwo ukagwera.