Tsiku limene azakhali anatcha dzina la Tiyanjane

Kwathu ku Dedza, cha ku Linthipe, mwana sankatchedwa dzina mchombo usanagwe. Ankakhala m'chikuta ndi amake pafupifupi sabata, osaonedwa ndi amuna, ngakhale atate ake omwe. Mchombo ukagwa azamba ankameta tsitsi lobadwa nalo, m'nyumba n'kuzira, mwana n'kutuluka naye pakhomo dzuwa lisanakwere. Nkhani ya dzina inkayambira pamenepo, ndipo wotcha sankabwera chimanjamanja: ankatenga nkhuku, mikanda kapena timatambala.

Mwa maina onse amene ndinaona akutchedwa, la mwana wa achemwali anga, m'chaka cha 1976, ndilo sindiliiwala. Alamu anga anali atabwerako ku Joni, pakuti ndege ya Wenela itagwa ku Francistown mu 1974, Kamuzu analetsa zotumiza anthu kumigodi. Anali mkamwini pamudzi pathu, ndipo pamudzipo panalibe mtendere. Mwana wawo woyamba anapita ndi chikuku. Wachiwiri anafera m'chikuta: anasiya kuyamwa, nsagwada zinauma, manja atafumbata. Anakamuika amayi okhaokha, opanda kulira mokweza, alibe ndi dzina lomwe. Lero ndikudziwa kuti anali kafumbata, wolowera pamchombo wodulidwa ndi lezala lakale, koma nthawi imeneyo akwathu anati mkamwini wasempha mwana chifukwa choyenda ndi akazi ena. Akuchimuna anabweza mawu, amvekere amayi athu ndiwo akudya adzukulu. Zaka ziwiri mabanja awiriwa sanadyerane nsima.

Tsono pobadwa wachitatu, wamkazi, amayi anali atakonzeratu dzina lawo, Mwatitha. Maina otere analipo ambiri: Manda, Maliro, Chidothi, Nditani. Ena ankatcha pofuna kupusitsa imfa, kuti ione ngati mwanayo ndi wotayika kale n'kumulambalala. Ena ankatcha pofuna kulasa munthu wina, ndipo la amayi linali lolasa.

Mkamwini salankhula pabwalo la apongozi ake, choncho anatuma achemwali awo aakulu, azakhali a mwanayo. Iwo anagwada pamphasa, anaomba m'manja katatu, n'kulandira mwana kwa azamba.

"Zikomo amfumu, zikomo eni mbumba, zikomo asewere anga," anayamba motero. "Pakamwa ndi panga, koma mawu ndi a eni mwana. Usiku wadzulo anandiitana n'kundiuza kuti mlendoyu dzina lake ndi Tiyanjane. Ndinawafunsa kuti bwanji osatcha Manda, monga amachitira anthu amene aika ana awiri? Mlongo wanga anati, 'Kumanda ndapitako kokwana, sindifuna kuitanako m'mawa uliwonse.' Mlamu wanga naye anati, 'Dzina lonyoza amalimva ndi wonyozedwa tsiku limodzi, koma wolisenza mpaka imvi ndi mwana wanga.'"

Apa amayi anazyolika. Aliyense anadziwa kumene mawuwo akupita, ngakhale dzina la Mwatitha silinatchulidwe.

"Ife akuchimuna tinalankhula zoipa," anapitiriza azakhali. "Tinati muli mfiti m'mudzi muno, chonsecho sitinaione. Inunso munati mlongo wanga ndi wosempha, chonsecho simunamugwire. Mwanayu akadwala usiku, adzamuberekera kuchipatala ndani ngati ife sitilonjerana? Ndi wamkazi, mbumba yake ndi ino, adzamanga nyumba pompano. Koma mfunda wake ndi wathu, ndi Naphiri ameneyu. Ndiye inu asewere, mukamamuitana kuti Tiyanjane, mudziwe kuti mukuitana ndi ife tomwe. Nafenso tikamuitana, tikuitana inu."

Atatero anamanga mikanda yoyera padzanja la mwana, anaponya matambala m'mbale, mnyamata wina n'kubweretsa nkhuku yamsoti yomanga miyendo. Nkhuku yotere sinkaphedwa, inkasungidwa kuti iswe, ikhale chiweto choyamba cha mwanayo.

Ine ndimaona kuti luso la azakhali aja linali pa kuyamba ndi kulakwa kwa mbali yawo. Akanayambira pa mawu a amayi, atsibweni akanaimirira, mwambo n'kusanduka mlandu wa kwa amfumu. Komanso sanapemphe munthu aliyense kuti apepese. Anangosiya dzina m'manja mwa anthu oti sangalithawe, poti mdzukulu sungamuitane ndi mluzu.

Atsibweni, monga mwini mbumba, anayankha mwachidule kuti dzina lalandiridwa, amayi ena n'kululutira. Amayi athu sanatsegule pakamwa. Anangotola nkhuku ija kukaiika m'khola mwawo, ndipo masana anatuma ine kukapereka nsima ya nyemba kwa alendo. Kwa miyezi ingapo ankangomutcha "kamwanaka". Dzina lenileni anayamba kulitchula Tiyanjane atayamba kukwawa, chifukwa ankakonda kulunjika kumoto ndipo panafunika kumukuwira.