Fizi ya pang'onopang'ono: yotchipa ndi iti?

Ife amene timayendera mabanja kudzera mu nthambi ya zaumoyo ku mpingo timadziwa kuti Seputembala, Januwale ndi Epulo ndi miyezi imene makolo ambiri kuno ku Songani amadandaula mutu ndi kusowa tulo. Tikakhala pansi n'kucheza bwino, nkhani imathera pa fizi. Nafenso kwathu tili ndi mtsikana ku sekondale yoti si yaboma, yogonera komweko, choncho masamu amene tifotokoze pano tinawachita tokha pa tebulo lathu, ndi pensulo ndi kope lakale.

Kalata ya sukulu inati fizi ya temu yoyamba ndi K450,000 ndipo inapereka njira zitatu. Yoyamba, kulipira yonse tsiku lotsegulira, n'kuchotseredwa K5 pa K100 iliyonse. Yachiwiri, kulipira kawiri: zosachepera K270,000 potsegulira, zotsala pofika pa 15 Okutobala, ndipo wochedwa awonjezere chindapusa cha K10 pa K100 iliyonse. Yachitatu, kulipira katatu K155,000, potsegulira, pa 15 Okutobala ndi pa 15 Novembala, ndipo wochedwa azilipira K5,000 pa mlungu. Pongowerenga, aliyense anganene kuti yoyamba ndiyo yotchipa, chifukwa imatsika kufika pa K427,500, pamene yachitatu imakwera kufika pa K465,000.

Koma kalata ya sukulu imangonena masiku amene sukulu ikufuna ndalama, sidziwa masiku amene ndalama zimalowa m'nyumba mwathu. N'chifukwa chake tinayamba ndi kujambula mzere pakati pa tsamba. Kumanzere tinalemba masiku a sukulu, kumanja masiku athu. Titapatula chakhumi ndi ndalama ya chakudya, tinali ndi K280,000 m'manja tsiku lotsegulira. Ina K200,000 inali ya chipereganyu, ndipo ulendo wathu wolandira unali pa 31 Okutobala. Kumanjako tinalemba ndalama zokhazo zimene tinali nazo chitsimikizo. Lonjezo la mlamu wa ku Joni sitinalilembe.

Njira yoyamba inafuna kuti tikongole K147,500 kuti tikwanitse K427,500. Banki m'khonde ya m'mudzi mwathu imabwereketsa pa chiwongoladzanja cha K20 pa K100 iliyonse pa mwezi, ndiye kuti K29,500 mwezi uliwonse. Kuchokera pakati pa Seputembala kufika kumapeto kwa Okutobala ndi mwezi ndi theka, koma gulu limawerenga miyezi iwiri yathunthu, kutanthauza K59,000. Zonse pamodzi zinafika K486,500. Tikanawononga K59,000 pothamangira kuchotseredwa K22,500. Kuchotseredwa kumapindulira munthu amene ndalamayo ali nayo kale, kapena amene angabwereke kwa mbale wosafuna chiwongoladzanja.

Njira yachiwiri inali ndi vuto limodzi: tsiku la sukulu linali patsogolo pa tsiku lathu ndi masiku 16. Tinadziwiratu kuti tidzachedwa, choncho chindapusa tinachiwerengera ngati mbali ya fizi. Apa panali funso limene kalata sinayankhe: K10 pa K100 imeneyi ndi ya ndalama yotsala kapena ya fizi yonse? Ikakhala ya fizi yonse, chindapusa ndi K45,000. Ikakhala ya yotsala, zimadalira zimene mwalipira kale. Tinaimba foni, ndipo a basala anati ndi ya yotsala. Zitatero tinaona kuti ndi bwino kupereka K280,000 yonse potsegulira m'malo mwa K270,000, kuti itsale K170,000, chindapusa chake K17,000. Zonse pamodzi K467,000.

Njira yachitatu imakopa chifukwa tsiku lotsegulira umangotulutsa K155,000, ina n'kutsala m'thumba. Kwa ife ikanatsala K125,000, yoperewera ndi K30,000 pa chigawo cha pa 15 Okutobala. Kudikira chipereganyu kukanatanthauza kuchedwa masiku 16, ndipo sukulu imawerenga mlungu ukangoyambika ngati wathunthu, ndiye kuti milungu itatu, K15,000. Kubwereka K30,000 ija ku banki m'khonde kwa mwezi umodzi kukanadya K6,000 yokha. Apa ngongole yaing'ono ya nthawi yochepa inali yotchipa kuposa chindapusa, ndipo njirayi inafika K471,000. Koma ili ndi msampha wina umene sulembedwa pa pepala. K125,000 yogona m'nyumba mwezi wathunthu imakumana ndi maliro, matenda ndi feteleza, ndipo ikafika pa 15 Okutobala imakhala itachepa.

Chomaliza kuwerengera chinali mtengo wa kulipira kumene. Sukuluyi imafuna kuti fizi iikidwe ku banki, ndipo kwa ife ndiye kuti kukwera minibasi pa msewu wa M3 kupita m'tauni ya Zomba ndi kubwerera, pafupifupi K4,000 ulendo umodzi. Njira yoyamba ndi ulendo umodzi, yachiwiri awiri, yachitatu atatu. Titawonjezera, yoyamba inakhala K490,500, yachiwiri K475,000, yachitatu K483,000. Imene inkaoneka yotchipa pa kalata inakhala yodula kuposa zonse. Amene sukulu yawo imalandira kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba alembe ndalama yotumizira m'malo mwa ya minibasi, nthawi iliyonse imene adzatumize.

Masamu amenewa akhoza kusokonekera ngati sukulu imabweza ana amene sanamalize fizi. Mwana akabwezedwa, pamakhala thiransipoti yobwera ndi yobwerera, komanso maphunziro amene amudutsa, zimene kwa wa Fomu 4 woyembekezera mayeso a MSCE sizigulidwa ndi ndalama. Pamenepo njira ya chindapusa siikhalanso yotchipa. Choncho funsani mafunso atatu musanasankhe: chindapusa chimawerengedwa pa ndalama iti, chimalipidwa kamodzi kapena chimakula mlungu ndi mlungu, ndipo mwana amabwezedwa pakapita masiku angati. Ife a Adventist tili ndi lachinayi. Tsiku lomaliza likagwa pa Sabata, kwa ife tsiku lenileni ndi Lachisanu banki isanatseke, ndipo m'kope tizilemba Lachisanulo.

Kope lija linatisonyezanso kuti K17,000 yonse ya chindapusa inkachokera pa masiku 16 okha. Tsiku lokasiya mwana tinalitenga n'kulowa nalo mu ofesi. Tinati, "Bambo, lero tikupereka K280,000, yoposa imene mwapempha. Yotsalayi tidzalandira pa 31 Okutobala. Kodi mungatilole kumaliza tsiku lotsatira popanda chindapusa?" Anayang'ana kopelo, anakafunsa a hedi, ndipo anavomera. Tinapempha kuti alembe tsiku latsopanolo kuseri kwa lisiti ndi kudindapo chidindo, chifukwa mawu a pakamwa amaiwalika ofesi ikadzaza anthu. Temu imeneyo inatidyera K458,000, kuphatikizapo maulendo awiri a ku banki.

Si sukulu iliyonse imene ingavomere, ndipo pempho lotere limamveka tsiku lotsegulira, muli ndi ndalama m'manja, kusiyana ndi pamene tsiku ladutsa kale. Masamu a temu imodzi sagwiranso ntchito pa temu ina. Ya Januwale imagwa m'nyengo ya njala, pamene chimanga chakwera mtengo ndipo ndalama zapita ku feteleza, pamene ya Epulo imayandikira kukolola. Tsamba la Januwale tinalijambula kale mzere, ndipo kumanja kwake kuli mipata imene tikuyesa kudzaza Disembala asanafike.