Facebook yadya zingati, yabweza zingati: mmene timawerengera ku Manchester ndi ku Lilongwe

Aliyense wotsatsa malonda pa intaneti amakhala ndi mabuku awiri osadziwana. Buku loyamba ndi lipoti lomwe amatsitsa ku Facebook kapena ku Google Ads, lonena ndalama zomwe zapita tsiku lililonse ndi chiwerengero cha anthu amene adina. Lachiwiri ndi kaundula wa zomwe zagulidwadi. Ntchito yanga kuno ku Manchester, pa kampani ina yogulitsa mipando pa intaneti, ndi kulumikiza mabuku awiriwa ndi SQL kuti bwana adziwe njira yomwe ikubweza ndalama. Madzulo ena ndimachitanso zomwezo pa shopu ya achimwene anga ku Lilongwe, yogulitsa matochi a sola, mabatire ndi mainveta. Funso la SQL lomwe ndimalemba ndi limodzimodzi konsekonse. Kusiyana kuli pa chinthu cholumikizira mabukuwo: kuno makina amalemba okha, pomwe kwathu munthu ayenera kuchipanga ndi manja.

Kuno munthu akadina chotsatsa, linki imanyamula chizindikiro kumchira kwake, monga `utm_source=facebook`, ndipo Google imaonjezera chake chotchedwa `gclid`. Webusaiti imasunga chizindikirocho, munthuyo akalipira ndi khadi chimalembedwa pa mzere womwewo wa oda yake. Kutsatsa, kusankha katundu ndi kulipira zonse zimachitikira malo amodzi.

Komabe ngakhale kuno sitikhulupirira malipoti a otsatsawo pa nkhani ya maoda. Ngati simunasinthe kalikonse, Meta imawerenga oda ngati yake munthu akagula pasanathe masiku 7 chidinireni, kapena tsiku limodzi chionereni chotsatsacho, ngakhale asanadine. Google Ads imadikira mpaka masiku 30. Ndiye mayi amene anadina chotsatsa cha sofa pa Facebook Lolemba, nakaifufuza pa Google n'kudinanso chotsatsa Lachinayi, nagula Loweruka, amawerengedwa kawiri, pomwe sofa yotuluka mnyumba yosungiramo katundu ndi imodzi. Mukaphatikiza zonena za mbali ziwirizi, maoda amatha kuposa omwe ali mu kaundula. Choncho ku malipotiwo timangotengako ndalama zomwe talipira. Maoda ndi phindu timatenga mu kaundula wathu.

Polumikiza matebulo awiriwa pali msampha womwe ndauona ku mbali zonse ziwiri, ndipo umandipweteka mtima chifukwa umalanga njira yomwe ikugwira bwino ntchito. Tebulo la `zotsatsa` lili ndi mzere umodzi pa tsiku pa njira iliyonse. Tebulo la `malonda` lili ndi mzere umodzi pa oda iliyonse. Munthu wongoyamba kumene amalemba chonchi:

```sql
SELECT z.njira, SUM(z.mtengo)
FROM zotsatsa z
JOIN malonda m
  ON m.tsiku = z.tsiku AND m.njira = z.njira
GROUP BY z.njira;
```

Funsoli limayenda bwinobwino, kompyuta sidandaula, koma yankho lake ndi labodza. Tiyerekeze kuti Lachiwiri Facebook inadya K10,000 ndipo tsiku lomwelo anthu atatu anagula. Mzere umodzi wa K10,000 ukumana ndi mizere itatu ya maoda, ubwerezedwa katatu, ndipo `SUM` itulutsa K30,000. Zili ngati kondakitala kukulipiritsani mtengo wa dengu lonse pa phwetekere aliyense ali mmenemo. Tsono ngati Lachiwiri lomwelo Google inadya K4,000 popanda wogula ndi mmodzi yemwe, mzere wake sukhala ndi mnzake wokumana naye, ndiye `JOIN` imangoutaya. Njira yogulitsa kwambiri ioneka yodula, njira yosagulitsa ioneka yotchipa, ndipo mwini shopu athimitsa yolakwika.

Kuzindikira vutoli n'kosavuta. Musanalumikize chilichonse, phatikizani ndalama zonse mu tebulo la `zotsatsa` n'kuyerekeza ndi zomwe zili pa `Amount spent` mu lipoti la Meta komanso pa `Cost` mu la Google. Mukalumikiza, phatikizaninso. Nambala ikakwera, mizere yabwerezedwa. Ikatsika, mizere ina yatayika. Mankhwala ake ndi kuphatikiza tebulo lililonse palokha kaye, kuti mbali zonse zitsale ndi mzere umodzi pa njira iliyonse, kenaka n'kulumikiza. Apa tikutenga kuti matebulo onse ali ndi za mwezi umodzi:

```sql
WITH z AS (
  SELECT njira, SUM(mtengo) AS mtengo
  FROM zotsatsa GROUP BY njira
), m AS (
  SELECT COALESCE(njira, 'sizikudziwika') AS njira,
         COUNT(*) AS maoda, SUM(phindu) AS phindu
  FROM malonda GROUP BY 1
)
SELECT COALESCE(z.njira, m.njira) AS njira,
       z.mtengo, m.maoda, m.phindu
FROM z FULL OUTER JOIN m ON z.njira = m.njira;
```

Ndasankha `FULL OUTER JOIN` dala, kuti njira yomwe yadya ndalama osagulitsa kanthu ionekebe, komanso maoda osadziwika kochokera asasowe. PostgreSQL ndi BigQuery zili nayo, SQLite inayamba kukhala nayo mu 2022, koma MySQL ilibe.

Kwathu ntchito yeniyeni ili pa danga la `njira` mu tebulo la `malonda`, chifukwa palibe makina olilemba. Kasitomala wa achimwene akadina chotsatsa sapita pa webusaiti, amagwera pa WhatsApp. Afunsa mtengo, anenerera, asowa sabata yathunthu podikira malipiro, kenaka atulukira pa shopu kapena atumiza ndalama pa Airtel Money kapena pa TNM Mpamba. Lipoti la Meta limathera pa `Messaging conversations started`, kutanthauza anthu amene ayamba kucheza nanu. Kucheza si kugula, ndipo ambiri amangofunsa mtengo basi. Ndaonapo eni mashopu akugawa ndalama zotsatsira ndi nambala imeneyi n'kumasangalala kuti kasitomala mmodzi akuwadyera ndalama zochepa, pomwe awerenga ongodutsa.

Tinachita zinthu ziwiri. Choyamba, chotsatsa chilichonse chili ndi uthenga wakewake wolembedweratu. Linki ya `wa.me` imalola kuika mawu pambuyo pa `?text=`, choncho wochokera ku Google amafika ndi uthenga wokhala ndi `G1`, wa ku Facebook ndi `F1`. Ena amafufuta uthengawo n'kulemba wawo, koma amene ausiya atithandiza. Chachiwiri, mtsikana wogulitsa mu shopu amafunsa aliyense polemba lisiti kuti, “Kodi munamva kuti za ife?” n'kulemba yankho pakona pa lisitilo pamodzi ndi nambala ya foni. Kuno anzanga amaliona funso lotere ngati lachikale, koma limagwira zinthu zomwe `utm_source` singagwire, monga kasitomala amene anauzidwa ndi mnzake wa kutchalitchi, kapena amene anaona chithunzi chomwe wina anatumiza pa gulu la WhatsApp la kuntchito kwawo.

Nambala ya foni ndiyo imalumikiza macheza a pa WhatsApp ndi lisiti, koma imabwera m'maonekedwe osiyanasiyana. Pa WhatsApp imayamba ndi +265, pa lisiti imayamba ndi 0, ndipo Excel imakonda kudula 0 woyambayo poiona ngati nambala wamba. Kwa SQL amenewa ndi anthu atatu osiyana. Ndimachotsa mipata n'kutenga manambala 9 omaliza okha mbali zonse ziwiri, monga `RIGHT(REPLACE(foni, ' ', ''), 9)`. Ngakhale mutero, ena sakumanabe: bambo amacheza pa nambala ya TNM n'kulipira ndi ya Airtel, kapena amapereka ndalama kwa ejenti, ndiye nambala yofika ndi ya ejentiyo. N'chifukwa chake lisiti lolembedwa pamanja limaposa mndandanda wa ndalama zolowa pa foni. Mndandandawo uli ndi vuto linanso: wogula inveta amalipira pang'onopang'ono, mwina katatu, ndipo mukawerenga malipiro ngati maoda, inveta imodzi isanduka zitatu. Lisiti lililonse likhale ndi nambala yake, ndipo muziwerenga malisiti, osati malipiro.

Tiyerekeze tsono kuti mwezi watha funso lija latulutsa mizere itatu. Facebook yadya K300,000 n'kubweretsa maoda 20. Google yadya K120,000 n'kubweretsa maoda 6. Mzere wa `sizikudziwika` uli ndi maoda 14. Mukagawa, oda ya Facebook yatidyera K15,000, ya Google K20,000, ndipo achimwene akangoona apa anena kuti Google ndi yodula, tiisiye. Koma taonani danga la phindu. A pa Facebook anali kungoyendayenda pa foni, anakopeka ndi tochi, ndipo tochi iliyonse imasiya phindu la K12,000. Onse pamodzi abweretsa K240,000, yomwe ikuperewera ndi K60,000 pa zomwe tinalipira. A pa Google anachita kulemba okha kuti akufuna inveta, mwina magetsi atawathimira, ndipo inveta imasiya K80,000. Asanu ndi mmodziwo abweretsa K480,000, ndipo mukachotsa zotsatsira patsala K360,000. N'chifukwa chake ndimaumirira kuti tebulo la `malonda` likhale ndi phindu, osati mtengo wogulitsira wokha.

Kodi ndiye tithimitse Facebook? Ine ndimati ayi, tisafulumire, chifukwa cha mzere wachitatu uja. Mwa maoda 40, okwana 14 sitikudziwa kochokera. Ngati asanu okha mwa iwo ali matochi a anthu amene anaona chotsatsa pa Facebook koma sanafunsidwe, K60,000 ija yabwerera kale. Kuno mzere umenewu umakula anthu akakana kuti webusaiti iwatsatire, poti lamulo limafuna kuti afunsidwe kaye. Kwathu umakula Loweruka la kumapeto kwa mwezi, shopu ikadzaza, wogulitsa n'kusowa mpata wofunsa. Anthu ena amagawira maoda osadziwikawa ku njira zodziwika molingana ndi kukula kwake kuti lipoti lioneke laukhondo. Ine sindivomereza, chifukwa kutero ndi kubisa kukula kwa zomwe simukudziwa. Mzerewo uzioneka, ndipo ukakhala waukulu kuposa kusiyana kwa njira ziwirizo, musasinthe ndalama zotsatsira mwezi umenewo. Yambani mwakonza kalembedwe ka malisiti.

Pali chinanso chomwe kuno sindichiganizira n'komwe, poti timatsatsa mu mapaundi n'kugulitsa mu mapaundi. Akaunti ya achimwene imalipira mu madola pomwe shopu imagulitsa mu makwacha. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo dola yomweyo inayamba kudya makwacha ambiri mwezi uli mkati. Wosinthira madola a chaka chonse pa mtengo umodzi angaganize kuti kutsatsa kunali kotchipa kapena kodula pa nthawi yomwe sikunali choncho. Ine sinditenga mtengo wa dola wolembedwa m'nyuzipepala. Ndimapempha achimwene sitetimenti ya khadi, n'kuona makwacha enieni omwe banki inadula pa malipiro aliwonse, kuphatikizapo ndalama yomwe bankiyo imadulapo yokha, ndipo amenewo ndiwo ndimalowetsa mu danga la `mtengo`. Funso lija ndimaliyendetsa sitetimentiyo ikafika.