Tsiku limene minibasi inakana kuima

Mvula yoyamba ya Novembala inatipeza m'minibasi pa Kamuzu Procession Road, tikuchokera ku Old Town. Tinali titathithikana, kumbuyo kuli matumba a mpunga. Mwana wina anadumpha msewu mothamanga. Adalaivala anaponda mabuleki, koma galimoto inapitirira kutsetsereka, n'kukaima mwanayo atangodutsa kumene.

Titatsika tinayang'ana matayala. Anali operepeseka ngati chikhatho.

Mabuleki amangogwira tayala. Chimene chimaimitsa galimoto ndi tayala kugwira phula. Pa liwiro la makilomita 50 pa ola, pamsewu wouma, galimoto imayendabe mamita pafupifupi 14 mabuleki atagwira. Pakanyowa, mtundawo ukhoza kuwirikiza kawiri, makamaka mvula yoyamba ikasakanikirana ndi fumbi ndi oilo.

Mizere ya pa tayala ndi ngalande zothamangitsira madzi. Ikatha, madzi amatsalira pansi pa tayala ndipo limangoterereka. Katundu naye amakankha: akachuluka, mabuleki amakhala ndi ntchito yaikulu, amatentha, n'kuyamba kufooka.

Tsiku lija zitatuzi zinakumana. Lero tikamawoloka msewu kukugwa mvula, sitiyerekeza kuti woyendetsa akatiwona ndiye kuti aima. Timadikira adutse.