Kalata kwa mphwanga: za miyala ndi zitsekerero zowerengera

Wokondedwa mphwanga,

Walemba kuti ukuchita manyazi kuphunzitsa ana ako a kumkombaphala masamu ndi miyala, pomwe sukulu zam'tauni zili ndi zidole zogula. Tamvera kumene njirayi inachokera.

Anthu akwathu ankawerenga ndi manja sukulu zisanabwere. Bawo ali ndi maenje 32, mizere inayi ya maenje asanu ndi atatu, ndipo wosewera amagwetsa nkhomo imodzi m'dzenje lililonse popanda kulumpha. Pa phada, mtsikana amaponya mwala m'mwamba, kutulutsa timiyala m'kadzenje, kenako kutibwezera n'kutsaza kamodzi. Akamaliza ulendo umenewo amayamba kutsaza tiwiri, kenako titatu. Kumeneko n'kuchotsera, ngakhale kuti palibe ankakutchula choncho.

Sukulu zitafala, aphunzitsi a Sitandade 1 ankauza ana kubwera ndi timitengo tomanga khumikhumi, ndiponso zitsekerero za mabotolo zobowola pakati ndi msomali n'kuzitunga pachingwe. Mu 1994 boma litachotsa fizi kupulayimale, ana anadzaza makalasi ndipo zipangizo sizinakwane. M'zaka zotsatira, a Malawi Institute of Education ku Domasi analimbikitsa TALULAR, kuphunzitsa ndi zinthu zopezeka pamalo pomwepo. Pamene ndondomeko ya dziko ya mmera mpoyamba inkatuluka mu 2003, alezi am'midzi anali ndi poyambira kale.

Chimene masewera a bawo ndi phada aja anasunga n'chakuti nambala iliyonse iyende limodzi ndi chala. Mwana wa zaka zinayi akhoza kuimba manambala mpaka khumi koma osadziwa kuwerenga. Muyese motere. Ika zitsekerero zisanu pamphasa, azikankhira pambali chimodzichimodzi uku akutchula nambala. Akamaliza umufunse kuti, "Zilipo zingati?" Akayambiranso kuwerenga, ndiye kuti sanadziwe kuti nambala yomaliza ndiyo yankho. Ukaona pakamwa pakuthamanga kuposa chala, bwererani pa zitatu. Akakhoza, zitalikitse zisanu zomwezo iye akuona. Ambiri amsinkhu umenewu amati zachuluka. Usamukalipire, ingomuuza awerengenso, adzipezere yekha.

Akazolowera, kumba timaenje tisanu pabwalo monga pa bawo. M'loyamba aike mwala umodzi, m'lachiwiri iwiri, mpaka isanu. Yonse pamodzi ndi miyala 15.

Usamale ndi ana osakwana zaka zitatu, chifukwa chilichonse amaika m'kamwa ndi m'mphuno. Iwowa uziwapatsa zitsononkho kapena nthanga za mango, osati chimanga kapena nyemba. Nsatsi ndi poizoni, zisapezeke m'kalasi. Zitsekerero zachitsulo zadzimbiri uzitaye, zapulasitiki uzitsuke ndi sopo.

Uwauze makolo kuti mwana aliyense abwere ndi zitsekerero khumi Lolemba, ndipo muyambe ndi zitatu. Undipatsire moni onse kumeneko.

Ndine mkulu wako.