Kalata yopempha tchuthi ndinailemba katatu

Kalata yoyamba ndinailemba pafoni cha m'ma 2 koloko usiku, nditakhala pachitenje m'mbali mwa bedi la amayi ku Gulupu. Inayamba ndi mawu oti “ndagwira mwendo wanu, abwana” ndipo inatha ndi vesi. Kutacha ndinaiwerenganso n'kuona kuti inali yongolira basi. Munalibe tsiku, munalibe nambala, munalibe funso loti munthu n'kuyankha kuti eya kapena ayi.

Amayi anagwa Lamulungu pa 25 Meyi kwathu ku Bangwe, akukonzekera zopita kutchalitchi. Sitiroko. Dzanja ndi mwendo wakumanja zinafooka, mawu akumveka ngati ali ndi madzi m'kamwa. Bambo anatisiya kalekale. Achimwene ali ku Joni, wamng'ono wanga ndi mnyamata wa Fomu 3. M'wodi ya azimayi wodikirira wodwala amakhala mzimayi, ndiye panalibe ngakhale msonkhano wabanja wosankha munthu. Aliyense anangoyang'ana ine. Amene munadikirirapo wodwala mukudziwa ntchito yake: kumudyetsa phala pang'onopang'ono kuti asatsamwe, kumusambitsa, kumutembenuza pakapita maola awiri kuti asatuluke zilonda, kuchapa nsalu, kuthamangira anamwino akaitana dzina.

Ntchito ndimagwira mu ofesi yowerengera ndalama pakampani ina ku Limbe, Lolemba mpaka Lachisanu. Ndinaifuna zaka ziwiri nditamaliza digiri, ndiye musaganize kuti ndinkaiona mopepuka. Lamulo lazantchito la m'chaka cha 2000 limati wogwira masiku asanu pasabata ali ndi tchuthi cholipidwa cha masiku osachepera 15 pachaka, wogwira masiku 6 ali ndi 18. Ine anali atanditsalira 8. Ndinawatenga onse, kuyambira pa 26 Meyi mpaka pa 4 Juni. Koma wa mafizo anandiuza mosabisa kuti munthu wa sitiroko sadzuka m'masiku 8. Masabata oyambirira akatuluka m'chipatala ndi amene amafuna munthu pafupi usana ndi usiku, womuphunzitsanso kukhala tsonga, kuimirira, kugwira supuni.

Mnzanga wina wakuntchito anandiimbira n'kundipatsa nzeru yachidule. “Iwe, ungopeza pepala la dokotala loti ukudwala ndiwe. Masabata anayi malipiro onse, masabata 8 theka. Ukuvutikiranji?” Manambalawo sananame, ndi zimene lamulo limapereka kwa amene wagwira ntchito miyezi 12 mosadukiza. Koma tchuthi chimenecho n'cha wantchito amene wadwala mwiniwake, osati wodwazika. Ndinaiganizira nzeruyo usiku wonse, sindikana. Chinandibweza si ulemu ayi, ndi mantha: ku Gulupu kumabwera Blantyre yense, tsiku lina wina akanandipeza ndikuchapa pampopi ndili bwinobwino, ntchito n'kuthera pomwepo.

Nditawerenga lamulolo pafoni ndinapeza tchuthi cha pachaka, cha matenda, cha uchembere. Cha munthu amene kholo lake lagona sindinachipeze. Ndinapezanso kuti kujomba popanda chilolezo komanso popanda chifukwa chomveka ndi chimodzi mwa zifukwa zochotsera munthu ntchito nthawi yomweyo. Apa m'pamene ndinamvetsa chimene ndinkalemba. Sindinkatenga changa, ndinkapempha. Ndipo chilolezo cha pakamwa, chija abwana amati “pitani, tidzaonana”, chikhoza kuiwalika tsiku lomwe mwasemphana.

Kalata yachiwiri inatuluka ngati ya loya. Ndinatchula ndime za lamulo, ndinalemba mbiri yonse ya matenda a amayi, mpaka ndinajambula masamba a buku lawo la kuchipatala kuti ndiphatikize. Amayi aang'ono, amene anabwera kuchokera ku Thyolo kudzazonda, anandiona ndikujambula n'kufunsa kuti, “Eni akewo wawapempha?” Ndinachita manyazi. M'bukumo muli zinthu za zaka zambiri zimene amayi sanauzepo ngakhale ana awo, ndiye ine ndimati ndikaziike mufayilo yomwe imatsegulidwa ndi aliyense wa mu ofesi. Ndinafufuta zithunzizo. M'malo mwake ndinapempha dokotala kakalata kachidule konena kuti mayiwa agonekedwa ndipo akatuluka adzafunika owasamalira kunyumba. Ndime za lamulo nazonso ndinazichotsa, poti munthu sungapemphe mchere utanyamula chibonga.

Ndisanalembe yachitatu ndinatenga pepala n'kuwerengera mtengo wake. Tchuthi chosalipidwa chimamveka chofewa mpaka utachisandutsa makwacha. Ndimalandira K440,000 msonkho utachotsedwa. Kuntchito kwathu amagawa malipiro ndi masiku 22, ndiye tsiku lililonse ndi K20,000. Masabata 6 ndi masiku antchito 30: K600,000 yosalowa, pa nthawi yomwe matewera a akuluakulu, mankhwala a kuthamanga kwa magazi ndi galimoto yopita ku mafizo zikufuna ndalama. Lendi ya nyumba yanga ku Zingwangwa, K90,000, siipita patchuthi. Ngongole ya laputopu imene amadula kumalipiro nayo siidziwa kuti amayi adwala. Penshoni imaima, chifukwa gawo langa ndi la kampani amawerengera pa malipiro, ndipo popanda malipiro palibe chodula. Ndinatumiza pepalalo kwa achimwene ku Joni. Aka kanali koyamba kuti tikambirane ndalama popanda kukangana, chifukwa sindinawauze kuti “thandizani”, ndinawauza kuti lendi ya miyezi iwiri ndi matewera ndi zawo.

Kalata yachitatu ndinaipereka Lolemba pa 2 Juni, kutatsala masiku awiri kuti tchuthi cholipidwa chithe. Inali m'Chingerezi, monga mwa makalata onse a mu ofesi, koma ndinaiganiza m'Chichewa ndipo inkanena izi:

“Ndikupempha tchuthi chosalipidwa cha masabata 6, kuyambira Lolemba pa 9 Juni mpaka Lachisanu pa 18 Julayi. Ndidzabwerera pantchito Lolemba pa 21 Julayi. Mayi anga anadwala sitiroko pa 25 Meyi ndipo akufunika owasamalira kunyumba. Kalata ya dokotala ndaphatikiza. Masiku anga a tchuthi cha pachaka atha pa 4 Juni. Pa 5 ndi pa 6 Juni ndidzabwera kudzasiya ntchito m'manja mwa amene mungasankhe, ndipo mndandanda wa zonse zimene zili pa desiki yanga uli kuseri kwa kalatayi. Ndikudziwa kuti masiku amenewa sindilandira malipiro. Ndikupempha mundiyankhe polemba, ndipo munditsimikizire kuti ndidzabwerera paudindo womwewu, kuti zaka zanga zantchito sizidukiza, ndi mmene ngongole yanga idzadulidwire. Ngati masabata 6 sangatheke, ndili wokonzeka kukambirana.”

Mzere uliwonse unali ndi ntchito yake. Tsiku lobwerera ndi limene abwana amayamba kufufuza, chifukwa “mpaka amayi atapeza bwino” kwa iwo ndi chimodzimodzi kutsanzika. Mndandanda wakuseri unkayankha funso lomwe sanganene mokweza pamaso pa munthu amene mayi ake ali m'chipatala, loti nanga malipoti a kumapeto kwa mwezi apanga ndani. Za zaka zosadukiza ndinaikamo nditakumbukira mayi wina amene anachoka miyezi itatu pongogwirizana pakamwa, pobwera n'kupatsidwa kontirakiti yatsopano ngati wayamba kumene. Chiganizo chomaliza ndinachilemba n'kuchifufuta kangapo. Ndinkaopa kuti ndawapatsa mpeni wondidulira masiku. Koma ndinkaopanso kwambiri “ayi” wopanda khomo lina.

Ndinasindikiza makope awiri. Imodzi ndinasiya kwa oona za ogwira ntchito, inayo ndinapempha kuti aidinde n'kulembapo tsiku, ndipo ndinabwerera nayo. Mayi wa mu ofesimo anandiyang'ana ngati ndikuwakayikira. Mwina ndinkawakayikiradi pang'ono.

Lachinayi abwana anandiitana. Anayamba ndi kufunsa za odwala, kenako anatembenuza kalata n'kuwerenga mndandanda uja mzere ndi mzere.

“Masabata 6 ndi ambiri. Kumapeto kwa Juni mnzanuyo agwira yekha, koma Julayi tili ndi owerengera mabuku ochokera kunja. Anayi ndingathe.”

“Nanga awiri otsalawo, bwana, nditamagwira mpaka 12 koloko pa theka la malipiro?”

Anakhala chete, n'kulemba kenakake pakona ya pepala. “Kodi kulibe wina kwanuko? Azakhali, kaya mtsikana wantchito?”

Funso limeneli linandiwawa, ngakhale ndikudziwa kuti sanalifunse mwankhanza. Ndinalifunsapo ndekha. Ndi K600,000 ukhoza kulemba munthu wosamalira odwala kwa miyezi ingapo n'kutsala ndi chenje. Pa masamu okha, kalata yanga inali yopusa. Koma masiku amenewo amayi ankalira akafuna kupita kuchimbudzi, osati ndi ululu, koma ndi manyazi, ndipo mawu awo ndinkawamva ndine ndekha. Sindinawafotokozere abwana zonsezi. Ndinangoti, “Pakadali pano ayi, bwana.” Yankho lolemba linabwera Lachisanu madzulo: masabata anayi osalipidwa, awiri a theka la tsiku, udindo womwewo, ngongole aimitsa mwezi umodzi.

Munthu amene anakana kalatayi kwambiri sanali abwana. Titatuluka m'chipatala, ndinawauza amayi kuti ndikhala nawo ku Bangwe mwezi wathunthu. Anandigwira ndi dzanja lamanzere, n'kulimbana ndi lilime mpaka mawu anatuluka: “Ntchito, iwe.” Mayi amene anagulitsa mandasi ndi makala kuti ndifike ku yunivesite ankaona ngati mwendo wawo ukundibweza kumene anandichotsa. Ndinatulutsa kalata ya abwana ija n'kuwawerengera, kumasulira mzere uliwonse, mpaka pa tsiku lobwerera. Anandiuza ndi maso kuti ndibwereze tsikulo. Kenako anaiika pansi pa pilo, ndipo inakhala pamenepo mwezi wonse. Pepala lomwe ndinalifuna poopa mabwana linadzagwira ntchito yogonetsa amayi tulo.

Sikuti zonse ndinaziwerengera bwino. Sindinalembe kuti patchuthi foni ndiziyankha liti, ndiye sabata yoyamba inkalira kasanu patsiku, ine ndili ndi beseni m'manja, kugwira ntchito yaulere. Ndinachita kupempha kuti mafunso onse azibwera pamodzi Lachitatu madzulo. Sindinaikemonso mawu oti ndikafuna kuwonjezera masiku ndidzanena pasadakhale, choncho sabata yachinayi itafika amayi asanayambe kuyenda okha, ndinalibe poyambira. Ndinabwerera kuntchito monga ndinalonjezera. M'mawa ankakhala nawo amayi aang'ono ndi amayi a Mvano mosinthana, ine n'kukwera minibasi ya ku Bangwe dzuwa lili paliwombo.

Pano amayi amayenda ndi ndodo kuchoka pakhonde kufika pampanda. Dzanja lija likadali lolemera, ndipo ngongole ya kubanki m'khonde imene ndinatenga mu Julayi ndikubwezabe. Kalata ija anandibwezera itapindikapindika, ili ndi banga la phala pakona. Ndinaiika mufayilo imodzi ndi digiri yanga.