Mwendo Umodzi Ukatupa Pambuyo pa Ulendo

Ife a ku Luangwa, kumene akale ankatcha Feira, ulendo wa ku Lusaka timaudziwa bwino. Ndi mtunda wopitirira makilomita 300, ndipo munthu amakhala chopinda miyendo, katundu ali kumapazi. Ambiri amatsika basi akakolo onse awiri atatupa pang'ono, koma akagona kumacha ataphwa. Choopsa ndi pamene watupa mwendo umodzi wokha.

Izi ndinaziona kwa alamu anga, amene amagulitsa nsomba zouma. Pochokera ku Lusaka m'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, sanamwe madzi poopa kuimitsa basi, ndipo pa mlatho wa Luangwa sanatsike chifukwa cholondera katundu. Patapita masiku awiri, katumba wa mwendo wakumanzere anatupa, natentha, namapweteka ngati minofu yakokana. Panalibe bala, ndipo thupi lonse silinatenthe.

Anansi anati: “Tiyeni tiwathowe ndi madzi otentha.” Ena anafuna kutema mphini. Koma alamuwo anati kwa ine: “Alamu, ululu uwu ndi wachilendo, ndiperekezeni kuchipatala.”

Kumeneko namwino anayeza miyendo yonse iwiri ndi tepi, masentimita 10 kunsi kwa kafupa kotumphuka pansi pa bondo. Wakumanja unali masentimita 34, wakumanzere 38. Anatiuza kuti kusiyana kopitirira masentimita 3 kumapatsa nkhawa yakuti magazi aundana mu mtsempha wa mkati. Makina ounikira m'thupi anatsimikiza zimenezo.

Chifukwa chake nchosavuta kumva. Magazi a m'miyendo amabwerera ku mtima mokwera chitunda, ndipo chimene chimawakankha ndi katumba pamene tikuyenda. Munthu akakhala malo amodzi maola opitirira 4, magaziwo amayenda mwaulesi, ndipo angathe kuundana. Amayi apakati, amene angobereka kumene, ochitidwa opaleshoni posachedwa ndi odwala khansa ndiwo ali pangozi yaikulu.

Nanga kuthowa kuli ndi vuto lanji? Magazi oundanawo angathothoke, nkuyenda mpaka kukatseka mitsempha ya m'mapapo. Zikatero munthu amabanika mwadzidzidzi, amamva chibayo popuma, mwinanso kutsokomola magazi, ndipo angafe tsiku lomwelo. Woona zizindikiro zimenezi asadikire kuti kuche.

Alamu anga anayamba ndi jakisoni wa heparini, kenaka mapiritsi a wafarini kwa miyezi 3, akumapita kukapimitsa magazi kawirikawiri. Mankhwalawa sasungunula choundanacho msanga: amachiletsa kukula, thupi nkumachichotsa lokha pang'onopang'ono. Anawachenjezanso kuti akaona magazi m'nkhama, mu mkodzo kapena chimbudzi chakuda, abwerere msanga, ndiponso asamwe asipirini popanda kufunsa dokotala.

Tsono inu apaulendo, basi ikaima tsikani muyendeko. Mukakhala pampando, muzitukula zidendene ndi zala za kumapazi mosinthanitsa, ndipo madzi musawaope. Mukafika kwanu, masiku otsatirawo muziyerekeza miyendo yanu iwiri.